Pulogalamu ilibe chilankhulo chanu kapena sikupezeka m'sitolo: mmene mungapezere vuto ndi kulikonza

Pali mavuto awiri amene anthu ambiri amawaona ngati amodzi. Loyamba ndi lakuti pulogalamu yalowa bwinobwino m'foni koma ikulankhula Chingerezi kapena Chipwitikizi pomwe inu mukufuna chilankhulo china. Lachiwiri ndi lakuti mukaifufuza mu Play Store kapena App Store sikutuluka n'komwe, kapena ikutuluka ndi uthenga wakuti m'dziko lanu mulibe. Anthu akasakaniza ziwirizi amathamangira kusintha dziko la sitolo poganiza kuti Chichewa chibwera, ndipo amathera kutaya ndalama zimene zinali mu akaunti, chilankhulo chili chomwecho.

Chofunika kugwira ndi ichi: dziko la sitolo limalamula mapulogalamu amene mungathe kutsitsa ndi mitengo yake. Chilankhulo cha m'kati mwa pulogalamu chimachokera kwa amene anaipanga. Choncho musanadine kanthu, dziwani kuti vuto lanu lili mbali iti.

## Zofunika kukhala nazo pafupi

Kuti muone za chilankhulo mukufunika foni yokha ndi intaneti, makamaka Wi-Fi kapena bandulo yotsalako ndithu, chifukwa foni ikhoza kutsitsa mafayilo owonjezera. Dziwaninso mtundu wa Android kapena iOS umene uli m'foni yanu. Pa Android mumauona pa `Settings`, kenako `About phone`. Pa iPhone ndi `Settings`, `General`, `About`.

Kuti musinthe dziko la sitolo zofunika n'zambiri:

- imelo ndi pasiwedi ya akaunti ya Google kapena Apple imene ili m'foni
- nambala ya foni imene akauntiyo imatumizako manambala otsimikizira, ndipo simu khadi yake ikhale ikugwira ntchito
- adiresi yeniyeni ya dziko limene mukukhala tsopano
- khadi la banki la dziko lomwelo
- kope ndi cholembera, zolembera zonse zimene mumalipira mwezi ndi mwezi kudzera m'sitolo

Mayina a pa sikirini tawalemba monga amaonekera foni ikakhala m'Chingerezi. Pa Tecno, itel, Infinix ndi Samsung amasiyana pang'ono, ndiye mukasochera lembani mawuwo m'bokosi lofufuzira limene lili pamwamba pa `Settings`.

## Gawo loyamba: chilankhulo

1. Onani ngati pulogalamuyo ili nacho n'komwe chilankhulocho.

Foni simasulira yokha mawu a pa mabatani a pulogalamu. Wopanga pulogalamu ya Android amaika mawu onse m'fayilo, kenako chilankhulo chilichonse chimene wamasulira amachipatsa fayilo yakeyake:

```
res/values/strings.xml
res/values-pt/strings.xml
res/values-ny/strings.xml
```

Yoyambayo ndi ya chilankhulo chimene anayambira kulemba, `pt` ndi Chipwitikizi, ndipo `ny` ndi chizindikiro cha Chichewa kapena Chinyanja. Ngati fayilo yachitatuyo kulibe, palibe batani lililonse m'foni limene lingaibweretse. Ambiri saiika chifukwa kumasulira si ntchito yochita kamodzi. Akawonjezera chinthu chatsopano amayenera kulipiranso womasulira ndi woyesa ngati mawu akukwana pa batani, ndipo amawerenga kuti ndi anthu angati angalipire m'chilankhulocho. N'chifukwa chake Chiswahili mumachipeza m'mapulogalamu ambiri kuposa Chichewa.

Pa iPhone kuona n'kosavuta. Tsegulani tsamba la pulogalamuyo mu App Store, tsikani mpaka pa `Information`, dinani `Languages`. Zilankhulo zonse zalembedwa pamenepo, ndipo mukhoza kuziona musanawononge bandulo. Play Store ilibe mzere wotere, ndiye pa Android muyenera kutsegula pulogalamuyo n'kuyang'ana m'`Settings` mwake. WhatsApp, mwachitsanzo, ili ndi `App language`.

Chenjezo: mukafuna Chichewa pa mndandanda, yang'anani pa C ndi pa N pomwe. Makampani ena amalemba `Chichewa`, ena `Nyanja`, ena `Chinyanja`. Anthu ambiri amabwerera chimanjamanja chifukwa anangoyang'ana pa C.

Chenjezo lina: malongosoledwe a pa tsamba la sitolo akakhala m'chilankhulo chanu sizitanthauza kuti pulogalamunso ili nacho. Tsambalo limamasuliridwa palokha, nthawi zina ndi makina.

2. Siyanitsani chilankhulo cha mabatani ndi cha nkhani za m'kati.

Pulogalamu ya Baibulo ikhoza kukhala ndi mabatani a Chingerezi koma mavesi a Chichewa, amene mumasankha pamalo osankhira mtundu wa Baibulo. Google Translate ili ndi Chichewa ngati chilankhulo chomasulirako kuyambira mu 2014, koma zimenezo sizisintha mabatani ake. Kiyibodi nayonso ndi nkhani ina: mu Gboard mukhoza kuwonjezera chilankhulo pa `Languages` kuti isiye kukonza mawu anu a Chichewa n'kuwasandutsa a Chingerezi. Nthawi zambiri munthu akamati akufuna Chichewa, chimene akufuna chili m'malo amenewa, ndipo vuto limathera pomwepa.

3. Konzani mndandanda wa zilankhulo za foni.

Apa m'pamene pali chinsinsi chimene ambiri sachidziwa. Kuyambira pa Android 7.0 foni imasunga mndandanda wa zilankhulo, osati chimodzi chokha. Pulogalamu ikatseguka imayang'ana chilankhulo choyamba. Ikapanda kukhala nacho imapita pa chachiwiri, kenako chachitatu. Zonse zikasowa imabwerera ku chilankhulo cha amene anaipanga, chimene nthawi zambiri ndi Chingerezi, koma chikhoza kukhala Chitchaina kapena Chiarabu.

Pitani pa `Settings`, `System`, `Languages` (pa Samsung ndi `General management`, `Language`), dinani `Add a language`, kenako kokerani zilankhulo m'dongosolo limene mukufuna. Pa iPhone ndi `Settings`, `General`, `Language & Region`, `Add Language`.

Tiyerekeze mayi wa ku Angónia amene amawerenga bwino Chinyanja ndi Chipwitikizi, koma mwana wake wamugulira foni ku Lilongwe ili m'Chingerezi chokha. Iye sakufunika kusintha dziko la sitolo. Aike `Português` pamwamba, `English` pansi. Pulogalamu iliyonse yokhala ndi Chipwitikizi isintha yokha, ndipo zotsalazo zikhala m'Chingerezi. Angadabwe kuona mawu ena achilendo, monga `tela` m'malo mwa `ecrã`. Chifukwa chake n'chakuti opanga ambiri amamasulira Chipwitikizi cha ku Brazil chokha, ndipo foni ikasowa cha ku Portugal kapena Mozambique imatenga chapafupi. Limenelo si vuto la foni.

Chenjezo: musafufute Chingerezi pa mndandanda. Chisiyeni pansi kuti pulogalamu ikasowa zilankhulo zanu ifikire pamenepo. Ndipo musanasinthe chilankhulo choyamba, lowezani malo amene mwadutsa, chifukwa mukasankha molakwika chilankhulo cha zilembo zosadziwika, njira yobwerera mudzaiyenda poona zithunzi zokha.

4. Lumikizani intaneti ndi kudikira pang'ono.

Kuyambira mu Ogasiti 2021 mapulogalamu atsopano a mu Play Store amatumizidwa m'zidutswa. Foni yanu imalandira chidutswa chachikulu, chidutswa choyenera makina ake, ndi zidutswa za zilankhulo zimene zinali pa mndandanda wanu tsiku lotsitsa. Cholinga n'kupulumutsa malo ndi bandulo. Zotsatira zake n'zakuti mukawonjezera chilankhulo lero, pulogalamu imene munaitsitsa chaka chatha ikhoza kukhala ilibe chidutswa chake, ngakhale wopanga anamasulira. Play Store imachitsitsa yokha foni ikakhala pa intaneti. Zikachedwa, dinani `Update` pa tsamba la pulogalamuyo ngati lilipo. Kuichotsa n'kuitsitsanso kumathandiza, koma chitani zimenezi mutasunga kaye zinthu zanu, makamaka mauthenga.

Apanso m'pamene mapulogalamu opatsirana pa Xender kapena Bluetooth amavutira. Mnzanu akakutumizirani pulogalamu kuchokera m'foni yake, mumalandira zimene foni yakeyo inali nazo. Zidutswa zina zikatsalira, pulogalamuyo imabwera yopanda chilankhulo chanu, kapena imakana kulowa n'kulemba kuti `App not installed`.

5. Sinthani chilankhulo cha pulogalamu imodzi yokha.

Ngati mukufuna foni ikhalebe m'Chingerezi koma pulogalamu imodzi isinthe, Android 13 ndi yotsatira ili ndi `App languages` pafupi ndi pamene munasinthira chilankhulo cha foni. Pamndandandawo pamaoneka mapulogalamu okhawo amene opanga ake anavomera njirayi, ndiye yanu ikasowapo si kuti foni yawonongeka. Pa iPhone njirayi inayamba ndi iOS 13. Pezani dzina la pulogalamuyo mu `Settings` (pa iOS 18 lili pansi pa `Apps`), mudzaona mzere wa `Language`. Mzerewu ukasowa, kawirikawiri n'chifukwa chakuti foni ili ndi chilankhulo chimodzi chokha pa mndandanda. Wonjezerani chachiwiri, mubwererenso.

## Gawo lachiwiri: dziko la sitolo

Wopanga pulogalamu akamaiika m'sitolo amasankha yekha maiko amene ipezekemo. Banki imasankha dziko limene ili ndi chilolezo. Kampani ya mafilimu kapena nyimbo imasankha maiko amene inagulira ufulu woonetsa. Ena amangosankha maiko ochepa chifukwa alibe anthu othandiza makasitomala kwina. Sitolo imayerekeza mndandanda umenewo ndi dziko lolembedwa pa akaunti yanu.

Dzikolo silichokera ku chilankhulo cha foni, komanso silisintha lokha mukawoloka malire pa Mwanza kapena pa Mchinji. Lili pa akaunti. Munthu amene anayamba kugula zinthu m'sitolo ali ku Joni akhoza kukhala ku Mangochi zaka ziwiri, sitolo yake ikumuonetsabe mitengo ya marandi.

6. Werengani uthenga bwinobwino.

`This item isn't available in your country` pa Android, kapena uthenga wa iPhone wonena za `country or region`, ndiye vuto la dziko. Koma `Your device isn't compatible with this version` ndi nkhani ina: Android ya m'foni yanu ndi yakale kapena makina ake ndi ochepa mphamvu, ndipo kusintha dziko sikungathandize chilichonse.

Pa mapulogalamu a iPhone pali njira yoyesera musanasinthe kanthu. Adiresi ya tsamba la pulogalamu ili ndi zilembo ziwiri za dziko. Itseguleni pa kompyuta, musinthe zilembozo:

```
apps.apple.com/mw/app/...
apps.apple.com/za/app/...
```

`mw` ndi Malawi, `zm` Zambia, `mz` Mozambique, `za` South Africa, `gb` Britain. Tsamba likatseguka pa `za` koma likakana pa `mw`, mwadziwa kumene pulogalamuyo ili.

7. Onani dziko limene akaunti yanu ili.

Mu Play Store dinani chithunzi chanu pakona yakumanja, kenako `Settings`, `General`, `Account and device preferences`, `Country and profiles`. Ngati m'foni muli maakaunti angapo a Google, onetsetsani kuti mukuona yoyenera, chifukwa iliyonse ili ndi dziko lake. Mafoni ogulidwa kwa wina kapena okonzedwa kwa amisiri a mumsika nthawi zambiri amakhala ndi akaunti imene mwini foni sanatsegule yekha.

Pa iPhone ndi `Settings`, dzina lanu pamwamba, `Media & Purchases`, `View Account`, `Country/Region`.

Chenjezo: pa iPhone palinso `Region` ina pansi pa `Language & Region`. Imeneyo imasintha kalembedwe ka masiku, manambala ndi chizindikiro cha ndalama basi. Siikhudza App Store. Anthu ambiri amasintha imeneyi, n'kumadabwa kuti pulogalamu sikutulukabe.

8. Werengerani zimene mutaye musanasinthe.

Kusintha dziko kumayenera munthu amene wasamukadi. Pa Google, ndalama zotsala mu Play za dziko lakale simungazigwiritse ntchito m'dziko latsopano, ndipo mukasintha simungasinthenso msanga. Kwa zaka zambiri lamulo linali kudikira miyezi 12, kenako Google inafupikitsa kukhala masiku 90. Werengani nthawi imene yalembedwa pa sikirini musanavomere. Ngati muli m'gulu la banja la Google Play, njira yosinthira siioneka mpaka mutatulukamo. Zimene mumalipira mwezi ndi mwezi zimapitiriza kudula pa khadi lakale mpaka mutaziimitsa nokha, n'chifukwa chake tinati muzilembe m'kope.

Apple imakana kusintha mpaka mutamaliza ndalama zonse zotsala mu akaunti, mutaimitsa zolipira za mwezi zimene zikutsekereza kusinthako, ndiponso kubweza ndalama kulikonse kumene munapempha kutatha. Tindalama tochepa tosakwana kugula kanthu timatha kutsekereza munthu, ndipo pamenepo pamafunika kulankhula ndi othandiza makasitomala a Apple. Kukhala m'gulu la banja la Apple, `Family Sharing`, kumatsekerezanso.

Pomaliza ganizirani mapulogalamu a dziko limene mukuchokalo. Amene ali kale m'foni sachoka, koma ngati sapezeka m'sitolo ya dziko latsopano mukhoza kulephera kuwatsitsanso foni ikatayika, ndipo ena amasiya kulandira zatsopano. Pulogalamu ya banki ikatsalira m'mbuyo imafika pokana kutseguka.

9. Sinthani.

Pa Android, pansi pa `Country and profiles` dziko latsopano limaoneka lokha ngati Google ikuona kuti intaneti yanu ikuchokera kumeneko. Simusankha pa mndandanda wa maiko onse. Lidineni, tsatirani malangizo oika njira yolipirira ya dzikolo, ndipo khadi loyamba kuika likhale la dziko latsopanolo. Kusintha kukhoza kutenga mpaka maola 48. Akatha maolawo sitolo ikuonetsabe zakale, pitani pa `Settings`, `Apps`, `Google Play Store`, `Storage`, mudine `Clear cache` ndi `Clear data`. Izi sizichotsa mapulogalamu anu.

Pa iPhone dinani `Change Country or Region`, sankhani dziko, vomerani malamulo, lembani njira yolipirira ndi adiresi. Khadi la banki ya ku Malawi lokhala ndi adiresi ya ku South Africa limakanidwa, chifukwa manambala oyamba a khadi amasonyeza dziko limene linaperekedwa.

## Chitsanzo: wokhala ku Joni amene ali ndi banki kuwiri

Tiyerekeze munthu wa ku Mzimba amene wapeza ntchito ku Johannesburg. Foni yake ndi ya Android, akaunti ya Google ndi ya ku Malawi, ndipo m'fonimo muli pulogalamu ya banki ya kumudzi imene amaonera ndalama zolipirira ana sukulu. Watsegula akaunti ya banki ku Joni, koma sitolo ikumuuza kuti pulogalamu ya bankiyo m'dziko lake mulibe.

Akasintha dziko la akaunti yake, vuto la ku Joni litha, koma aika pachiswe pulogalamu ya kumudzi, ndipo sangabwerere msanga. Njira yabwino kwa iye ndi akaunti yachiwiri. Ali ku Joni komweko, pa intaneti ya komweko, apite pa `Settings`, apeze gawo la maakaunti, adine `Add account`, asankhe Google, atsegule akaunti yatsopano. Kenako mu Play Store adine chithunzi chake, asankhe akaunti yatsopanoyo, aone pa `Country and profiles` ngati ikusonyeza South Africa, atsitse pulogalamuyo. Maakaunti awiriwo akhale m'foni onse, chifukwa pulogalamu iliyonse imayenderana ndi akaunti imene inaitsitsa. Palibe chimene wataya, ndipo Disembala akabwera kumudzi zonse zigwirabe ntchito. Chofunika n'kulemba pasiwedi yachiwiriyo pamalo osungika, ndi kuikapo nambala ya foni imene sangaitaye msanga.

Pa iPhone zimathekanso, koma n'zotopetsa. Akaunti ya `Media & Purchases` imagwira imodzi pa nthawi, ndiye amayenera kutuluka m'imodzi n'kulowa m'inzake. Atuluke pa `Media & Purchases` pokha, asatuluke pa iCloud yonse, kuopa kusokoneza zithunzi ndi manambala a anthu.

Onani kuti m'nkhani yonseyi chilankhulo sichinasinthe. Pulogalamu ya banki ya ku Joni ilankhula zilankhulo zimene banki inaikamo, kaya waitsitsa ndi akaunti iti. Malo okhawo amene dziko limakhudza chilankhulo ndi pamene kampani yapanga mapulogalamu awiri osiyana a maiko osiyana, monga zimachitikira ndi masewera ena a ku Japan kapena ku China amene ali ndi mtundu wa kwawo ndi mtundu wa kunja. Pamenepo mukutsitsa pulogalamu ina, osati kusintha yomwe ija.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kudalira VPN ndiko kofala kwambiri. VPN imabisa kumene intaneti yanu ikuchokera, koma siisintha dziko lolembedwa pa akaunti yokhala ndi njira yolipirira. Ngakhale itathandiza kutsitsa, mapulogalamu a banki ndi a mafilimu amayesanso okha mukawatsegula: amafuna nambala ya foni ya dzikolo, chiphaso, kapena khadi la komweko. Mumakhala ndi pulogalamu m'foni imene simungalowemo. Kunama za dziko kumaswanso malamulo a sitolo, ndipo akaunti yolipirira ikhoza kuimitsidwa.

Kutsitsa APK, fayilo yoikira pulogalamu ya Android, pa masamba osadziwika chifukwa sitolo yakana n'koopsa kwambiri pa chilichonse chokhudza ndalama. Akuba amapanga mapulogalamu ofanana ndi a banki kuti atole mapasiwedi ndi manambala otsimikizira. Chimodzimodzinso mafayilo olonjeza kuti WhatsApp kapena pulogalamu ina "yamasuliridwa m'Chichewa": ngati chilankhulo mulibe m'pulogalamu yeniyeni, ndiye kuti wina waitsegula n'kuikamo zake, ndipo simudziwa chimene waikamo china. Pulogalamu ya ndalama ikasowa m'sitolo yanu, gwiritsani ntchito njira yoimba manambala a nyenyezi kapena tsamba la banki pamene mukukonza za akaunti.

Kupukuta foni yonse sikusintha dziko. Mukalowanso ndi imelo yomweyo, dziko lomwelo limabwerera, koma zithunzi zanu zapita.

Mafoni ena opangidwira msika wa ku China amabwera ndi Chitchaina ndi Chingerezi zokha, nthawi zina opanda Play Store, ndipo mafoni a Huawei otuluka kuyambira chakumapeto kwa 2019 amagwiritsa ntchito sitolo ya AppGallery, imene ili ndi malo akeake osinthira dziko. Pogula foni yochokera kunja, tsegulani `Add a language` ndi sitolo muli pomwepo, musanapereke ndalama.

Cholakwika chotsiriza ndi kulola wokonza mafoni kuikamo akaunti yake kuti akutsitsireni pulogalamu yosowa. Tsiku lomwelo zimayenda, koma pulogalamuyo imakhala yomangirira ku akaunti imene simudziwa pasiwedi yake. Pa iPhone, ikafuna zatsopano imapempha pasiwedi ya mwini akauntiyo. Pa Android, foni ikapukutidwa akaunti yakeyo ikadali m'kati, imatha kupempha imelo ndi pasiwedi yake isanakuloleni kulowa. Ngati muli kale ndi akaunti yotere m'foni, chotsani mapulogalamu amene inatsitsa, ichotseni m'gawo la maakaunti ndi `Remove account`, kenako muwatsitsenso ndi akaunti yanuyanu.